Vayirasi Yofuna Dipo Ikatseka Mafayilo a Malipiro

Tiyerekeze ofesi ya gulu la alimi a tiyi ku Thyolo. Ili ndi makompyuta 8 ndi seva imodzi yosunga makilogalamu a masamba amene mlimi aliyense wagulitsa. Lolemba m'mawa, kutatsala masiku atatu kuti alimi alandire ndalama, mafayilo akukana kutseguka, mayina ake akuthera ndi `.locked`, ndipo pa sikirini pali kalata yofuna dipo.

Chimene chingapulumutse ofesiyi ndi kukonzekera kumene inachita zinthu zili bwino. Mafayilo amafunika kukhala m'makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi lizikhala kunja kwa ofesi. Hadi disiki imene imangokhala yolumikizidwa ku seva sithandiza, chifukwa vayirasi imaitsekera limodzi. Manambala a foni a woyang'anira makompyuta ndi abwana alembedwe papepala.

Mukazindikira vuto, ntchito yoyamba ndi kulitchinga lisafalikire. Zulani chingwe cha netiweki, zimitsani wayifayi, koma kompyuta yokhudzidwayo musaizimitse, chifukwa umboni umene uli m'memole umafufutika magetsi akachoka. Pokhapokha ngati mwalephera kuichotsa pa netiweki ndiye izimitseni. Jambulani kalata ya dipoyo ndi foni, lembani nthawi, ndipo dziwitsani apolisi ndi a MACRA.

Kenako fufuzani pamene mbala imene inaika vayirasiyo inalowera. Apa ambiri amapupuluma. Mu `Event Viewer`, pulogalamu ya Windows yoonetsa mbiri ya zochitika pa kompyuta, nambala 4625 imatanthauza kuti wina wayesa kulowa koma walephera, pamene 4624 ndi wolowa bwinobwino. Mukaona ma 4625 ambirimbiri Loweruka usiku, kenako 4624 pa akaunti ya akauntanti, dziwani kuti pasiwedi anaipeza mongoyeserera, kawirikawiri kudzera pa khomo la pa netiweki nambala 3389, lolowera pa kompyuta uli kutali. Tsekani khomolo pa rauta, sinthani mapasiwedi onse pa kompyuta imene sinakhudzidwe, ndipo zokhudzidwazo muzifafanize n'kuikamo Windows mwatsopano. Kubwezeretsa mafayilo khomo lidakali pululu ndi kutungira madzi m'dengu: akhoza kutsekedwanso posachedwa.

Pobwezeretsa, yambani ndi za malipiro. Ngati kope lomaliza ndi la Lachisanu, makilogalamu a Loweruka alembedwenso kuchokera m'malisiti a pa sikelo. Dipo musalipire. Palibe chotsimikizira kuti kiyi wotsegulira mafayilo adzabwera, ndipo mafayilo amene mbalayo inakopera imakhalabe nawo. Mitundu ina ya vayirasiyi ili ndi zotsegulira zaulere pa `nomoreransom.org`.

Pasanathe sabata ziwiri, khalani pansi nonse, osati kuti mupeze woti mumuloze chala. Funsani kuti panadutsa maola angati mbala italowa musanadziwe, ndipo ndani anatsegula khomo 3389 ndi chifukwa chake. Chokonza chilichonse chikhale ndi mwini wake ndi tsiku lomaliza, kuphatikizapo kuyesa kubwezeretsa mafayilo kuchokera m'kope kamodzi pa miyezi itatu.