Kuuza mkazi wanu pakamwa si wilo

"Malemu anandiuza ndithu kuti nyumba ya ku Ndirande ndi yanga ndi ana." Mawu amenewa amamveka m'maofesi a maloya mlungu ndi mlungu, ndipo amene amawanena nthawi zambiri sanama ayi. Koma khoti silingagawe nyumba potengera zimene munthu ananong'oneza mkazi wake ali pa bedi la kuchipatala. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene linalowa m'malo mwa lija la 1967, limafuna kuti wilo ikhale yolembedwa. Mwini wake, amene ali ndi zaka zosachepera 18 komanso mutu wake ukuyenda bwino, asaine pamaso pa mboni ziwiri zimene zili pompo nthawi imodzi, ndipo mbonizo zisaine iye akuona. Mukhoza kuilemba m'Chichewa, ndi bolopeni, pa pepala la mu kope. Mawilo ambiri amagwera pa kusaina kumeneku ndi pa katchulidwe ka anthu ndi katundu.

Taganizirani nkhani iyi, imene imabwera kawirikawiri mosinthasintha nkhope. Bambo wina ali ndi nyumba ziwiri, ina amakhalamo, ina ya lendi. Ali ndi ana atatu kwa mkazi amene ali naye, awiri kwa mkazi woyamba, ndi mmodzi wa kunjira amene kwawo amamudziwa koma m'nyumba satchulidwa. Atayamba kudwala, akulemba kuti: "Nyumba yanga ndasiyira mkazi wanga, chuma chotsala agawane ana anga." Akusaina ali yekha kuchipinda. Madzulo akupatsa mkazi wake pepalalo kuti asaine ngati mboni, ndipo m'mawa mwake mwana akulitengera kwa abusa kuti nawonso aikepo dzina.

Bamboyu anayesetsa, ndipo n'chifukwa chake nkhani yotere imapweteka. Koma pepalalo lagwa kale. Abusa sanamuone akusaina, ndipo mboni ziwirizo sizinakhalepo pamodzi. Ngakhale zikanakhalapo, mkaziyo akanalowa m'vuto lina: mboni imene ikupindula mu wilo, kapena mwamuna kapena mkazi wa mboniyo, ikhoza kutaya chimene inasiyiridwa. Munthu yemwe mukufuna kumuteteza ndiye woyamba kumuchotsa pa mzere wa mboni. Itanani mnzanu wa kuntchito ndi munthu woyandikana naye nyumba, anthu oti salandirapo ngakhale supuni, makamaka ocheperapo msinkhu poyerekeza ndi inu kuti adzapezeke khoti likadzawafuna. Sikofunika kuti awerenge zimene mwalemba. Ntchito yawo ndi kuona dzanja lanu likusaina basi. Pansi pa siginecha alembe mayina onse, kumene amakhala ndi tsiku.

Tsono tinene kuti kusaina kunayenda bwino. "Nyumba yanga" ndi iti, poti zilipo ziwiri? Mkazi adzati ndi ya lendi, chifukwa imene akukhalamo anamanga limodzi ndipo gawo lake ndi lake kale. Ana a mkazi woyamba adzati ayi. Nanga "ana anga" ndi asanu kapena asanu ndi mmodzi? Lamulo silisankha mwana chifukwa choti anabadwira kunja kwa banja, choncho uja wa kunjira ali ndi poyambira, ndipo adzatulukira pa tsiku la maliro. Anthu amene ankadyera mbale imodzi amasiya kupatsana moni chifukwa cha mawu awiri amenewa.

Kalembedwe koyenera n'kotopetsa pang'ono, koma n'komweko. Mwana aliyense atchulidwe mayina ake onse monga alili pa chiphaso chake, ndi tsiku lobadwa. Nyumba itchulidwe ndi nambala ya puloti ndi dera, galimoto ndi nambala yake, akaunti ndi dzina la banki ndi nthambi. Pogawa ndalama gwiritsani ntchito magawo, monga theka kwa mkazi ndi theka linalo mofanana kwa ana asanu ndi mmodzi, osati kulemba kuti uje alandire K2,000,000. Pofika tsiku limenelo ndalamazo zikhoza kukhala zitathera ku mankhwala, kapena kwacha itagwa. Nenaninso kumene gawo la munthu lidzapite iyeyo akadzatsogola kumwalira, ndipo mutseke ndi chiganizo chonena za katundu yense wotsala amene simunamutchule. Popanda chiganizo chimenecho, ng'ombe zimene mudzagule chaka chamawa zidzagawidwa ngati simunalembe kanthu.

Ngati mwaganiza zomana mwana wina, dziwani kuti khoti lili ndi mphamvu yopatsa mkazi, mwamuna kapena mwana amene wasiyidwa pa mavuto gawo loyenera, ngakhale wilo itamudumpha. Kubisa mwana wa kunjira sikuteteza mkazi wanu. Kumangomusungira mlandu woti adzaunyamule ali wamasiye.

Pali zinthu ziwiri zimene wilo singazikhudze, ndipo anthu amaumirira kuzilembamo. Choyamba ndi chimene si chanu: munda wa mbumba umene munangopatsidwa kuti muzilima, kapena gawo la mnzanu wa m'banja pa katundu amene munapeza limodzi. Kwa a chikamwini, nyumba yomanga pa malo a kwawo kwa mkazi imafuna kuiganizira bwino musanailonjeze kwa mphwanu. Chachiwiri ndi penshoni. Ndalama za penshoni zimatsata fomu imene munalemba kuntchito yotchula odzalandira. Ambiri anailemba tsiku loyamba ntchito asanalowe m'banja, n'kutchula mayi awo ndi mchemwali, ndipo papita zaka makumi awiri osaiyang'ananso. Pitani mukaione sabata ino. Chimodzimodzinso wilo yeniyeniyo: ukwati watsopano ukhoza kufafaniza wilo yakale, choncho mukakwatira, banja likatha kapena mwana akabadwa, lembani ina yonena momveka kuti yakale yathetsedwa. Osafufuta ndi kulemba pamwamba.

Sankhaninso munthu wodzayendetsa chumacho, ndipo mum'funse kaye. Iyeyu ndiye adzapite ku khoti kukatenga chilolezo, abweze ngongole zanu, kenako agawe. Asakhale malume chifukwa choti ndi malume. Akhale munthu wodziwa kusunga malisiti. Ngati ana ali aang'ono, tchulani wodzawalera ndi wodzasunga gawo lawo.

Chenjerani ndi madobadoba amene amakhala pafupi ndi maofesi a boma, olemba wilo ndi chizungu chambiri n'kukuuzani kuti chidindo chakwana. Chidindo cha amfumu, cha kutchalitchi, ngakhale chofiira chotani, sichilowa m'malo mwa mboni ziwiri zija. Ndipo zoti kulemba wilo n'kudziitanira imfa zasiya ana ambiri panja. Wodikira mpaka matenda atakula amapereka chida kwa otsutsa, chifukwa adzangonena kuti malemu anali atasokonezeka mutu kapena anakakamizidwa ndi amene ankawadwazika, ndipo mlandu wotere umatha zaka nyumba ikugumuka.

N'zoona kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu akhoza kukakhala nawo kundende zaka khumi. Koma wilo yobisidwa pansi pa matiresi imapezedwa ndi amene wayamba kulowa m'chipinda, ndipo ngati sinamukomere imathera pa mbaula. Yeniyeniyo ikasungidwe kwa loya, kubanki kapena kukhoti, osati mu sutikesi, ndipo woyendetsa chuma uja ndi munthu winanso mmodzi wodalirika adziwe kumene ili.