Kusintha madigiri, mphindi ndi masekondi kuti mapu a pafoni akufikitseni pamalo enieni

Munthu akakupatsani malo atalembedwa kuti 23° 42' 51" S, 46° 37' 09" W, musathamangire kuchotsa tizizindikiro tija n'kulemba 23.4251 pafoni. Ambiri amatero, ndipo foniyo siikana. Imangoika kachizindikiro kake pamapu mwakachetechete, koma pamalo ena otalikirana ndi enieniwo ndi makilomita pafupifupi 32, kungowerengera nambala yoyamba yokhayo.

Vuto lagona pa kawerengedwe. Digiri imodzi ili ndi mphindi 60, mphindi imodzi ili ndi masekondi 60, monga zilili ndi wotchi. Choncho m'digiri imodzi muli masekondi 3,600. Koma manambala obwera pambuyo pa kadontho amagawa digiri m'magawo khumi, zana, chikwi. Mphindi 30 ndi theka la digiri, ndiye kuti 0.5, osati 0.30. Mukamvetsa zimenezi, zotsalazo ndi kugawa ndi kuphatikiza basi:

```
madigiri + (mphindi / 60) + (masekondi / 3600)
```

Tiyambe ndi latitudi, nambala yoonetsa kumpoto kapena kum'mwera, 23° 42' 51" S. Madigiri 23 asiyeni momwemo. Gawani 42 ndi 60, mupeza 0.7. Gawani 51 ndi 3,600, mupeza 0.014167. Zonse pamodzi ndi 23.714167. Longitudi nayo, yoonetsa kum'mawa kapena kumadzulo, 46° 37' 09" W, njira yake ndi yomweyo: 37 kugawa ndi 60 ndi 0.616667, 9 kugawa ndi 3,600 ndi 0.0025, ndipo yankho ndi 46.619167.

Musanapitirire, liyang'aneni yankholo ndi maso okha. Mphindi 42 zapitirira theka la 60, choncho nambala yotsatira kadontho iyenera kuposa 0.5. Mukaona .42 mudziwiretu kuti simunagawe.

Tsopano zilembo zija. N ndi kumpoto kwa ikweta, S ndi kum'mwera. E ndi kum'mawa kwa mzere wodutsa ku Greenwich mumzinda wa London, W ndi kumadzulo. Pa kalembedwe ka kadontho, S ndi W zimasanduka chizindikiro chochotsera kutsogolo kwa nambala, pamene N ndi E sizisowa chizindikiro chilichonse. Chimene mulembe pafoni ndi ichi, latitudi poyamba:

```
-23.714167, -46.619167
```

Malo amenewa ali kufupi ndi mzinda wa São Paulo ku Brazil. Mukaiwala chizindikiro cha pa longitudi, mapu akuonetsani chilumba cha Madagascar. Mukaiwala cha pa latitudi, mugwera pakati pa nyanja ya Atlantic. Kulakwitsa kotere ine sikundidetsa nkhawa, chifukwa kumaonekera pomwepo. Kumene ndimakuopa ndi kwa munthu amene walemba -23 pa kakyuleta kenako n'kuphatikiza 0.7 ndi 0.014167. Iyeyo apeza -22.285833, nambala yooneka bwinobwino, ya m'dziko lomwelo, koma yophonya ndi makilomita oposa 150. Ndiye chifukwa chake chizindikiro chochotseracho chimaikidwa pomaliza, kuphatikiza kutatha. Ndipo mukachiika, chilembo S kapena W chichoke.

Palinso kalembedwe kena kamene zipangizo zambiri za GPS zogwirira m'manja zimaonetsa: 23° 42.850' S. Apa mulibe masekondi, kadontho kali pa mphindi. Gawani 42.850 yonseyo ndi 60, mupezanso 0.714167 yomweyo. Kutenga 850 ngati masekondi n'kusokera, ndipo chokudziwitsani n'chakuti masekondi enieni safika 60.

Nanga pambuyo pa kadontho musunge manambala angati? Digiri imodzi ya latitudi ndi pafupifupi makilomita 111, ndiye sekondi imodzi ndi pafupifupi mamita 31. Nambala yachinayi pambuyo pa kadontho imaimira mamita pafupifupi 11, yachisanu mita imodzi ndi pang'ono. Asanu kapena asanu ndi imodzi ndi okwana. Kakyuleta ikakutulutsirani khumi, owonjezerawo sakuthandizani kanthu, pakuti amene analemba masekondi athunthu anali atazungulitsa kale, ndipo GPS ya pafoni nayo imaphonya ndi mamita angapo ngakhale kumwamba kuli poyera.

Masamu onse akhoza kukhala olondola, komabe kachizindikiro n'kugwera tsidya lina la msewu kapena la mtsinje. Zikatero funsani kumene manambalawo anachokera. Mapu a pafoni amatsatira muyezo wa dziko lapansi wotchedwa WGS 84, pamene mapu akale a papepala nthawi zambiri anajambulidwa pa muyezo wa dera lawolo, ndipo kusiyana kwake kumatha kufika mamita mazana angapo. Kugawa ndi 60 sikukonza zimenezo. Dzina la muyezowo limalembedwa m'mphepete mwa mapu, ndipo ngati si WGS 84, manambalawo ayenera kuyamba asinthidwa ndi pulogalamu yosinthira miyezo musanawalembe pafoni.