Dola inatsika masenti 21 okha, R2,100 n'kupita

Loweruka lina ndili ku Park Station kutumiza katundu pa basi ya ku Blantyre, mnyamata wina wa kwathu amene amaperekera zakudya mu lesitilanti ku Randburg anandikokera pambali n'kundipatsa foni yake. "Achimwene, inu ntchito yanu ndi ya zandalama, tandiwerengereni apa. Ndinati dola ikwera, ndipo yakweradi. Nanga ndalama yanga yalowera kuti?" Anaika R3,000 Lachiwiri mu foleksi, malonda ogula ndi kugulitsa ndalama za mayiko, ndipo pofika Lachinayi m'mawa mu akaunti munatsala R900. Palibe amene anamubera. Inamudya ndi livareji, ndipo ndikufuna tiyende nawo masamu ake pang'onopang'ono, chifukwa anyamata athu ambiri kuno ku Joni akudina batani asanawaone masamuwa.

Mukatsegula akaunti ya foleksi kwa buloka, kampani imene mumachitirako malondawa, mumaona pa sikirini nambala ngati 1:100. Iyo ndiye livareji. Ikutanthauza kuti pa R1 iliyonse imene mwapereka, buloka akukulolani kugwira malonda a R100. Kagawo kanu kaja, kamene pa sikirini amalemba kuti Margin, ndi chikole. Si mtengo wa katundu, komanso si malire a ndalama imene mungaluze. Ndi ndalama imene buloka amaitsekera pambali kuti iye asapse m'manja zinthu zikatembenuka. Phindu ndi kuluza zimawerengedwa pa malonda onse, osati pa chikolecho.

Manambala a mnyamatayu ndawasalaza pang'ono kuti asativute. Anagula USDZAR, ndiko kuti anagula madola ndi randi, dola ili pa R18.00, ndipo pa kukula kwa malonda analemba 0.10. Kanambala kameneka kamaoneka kakang'ono, koma ndi madola 10,000, omwe ndi R180,000. Pa 1:100 chikole chake chinali R1,800. Munthu wa R3,000 m'thumba anasenza malonda a R180,000, kuposa ndalama yake ka 60.

Tsopano gwirani ichi, chifukwa zonse zikuchokera apa: amene wagwira madola 10,000, dola ikasuntha senti imodzi, kwa iye ndi R100. Ikakwera masenti 18, kufika R18.18, mtengo wasuntha ndi 1 peresenti yokha, koma iye wapeza R1,800, ndipo R3,000 yasanduka R4,800. Ndicho chithunzi chimene anthu amatumizirana pa mafoni, ndipo si bodza, zimachitikadi. Koma senti yotsika nayonso ndi R100 yomweyo. Dola ikatsika masenti 18, mu akaunti mwatsala R1,200. Livareji siidziwa mbali, imangochulukitsa chimene msika wachita.

Chimene anthu sachiona ndi chakuti potsika, buloka sakudikirani kuti mtengo ubwerere. Pa sikirini pali nambala imene kompyuta yake imaiyang'ana usana ndi usiku:

```
Margin Level = Equity / Margin x 100
```

Equity ndi ndalama yanu yeniyeni pa mphindi imeneyo, mutaonjezapo phindu kapena kuchotsapo zimene mukuluza pa malonda amene sanatsekedwe. Mnyamata wathuyu anayamba ndi R3,000 pa chikole cha R1,800, ndiye kuti pafupifupi 167 peresenti. Dola itatsika masenti 12, kufika R17.88, anali ataluza R1,200, ndalama yake n'kufanana ndi chikole, 100 peresenti. Apa anamutumizira uthenga wa Margin Call, wakuti aonjezere ndalama kapena achepetse malonda. Uthengawo unabwera iye atanyamula mbale, foni ili mu loka. Dola inatsikanso masenti 9, kufika R17.79, kuluza kunakwana R2,100, mu akaunti munatsala R900, theka la chikole. Kwa buloka wake 50 peresenti ndi pamene pali Stop Out, kompyuta imatseka yokha malonda osafunsa mwini. Malire amenewa amasiyana kwa buloka ndi buloka, ndipo amalembedwa mu pangano limene ambiri timangodinapo kuti tavomera.

Lachisanu dola inafika R18.25. Analosera bwino, ndipo akanakhalabe m'malondamo akanapeza R2,500. Koma anali atatulutsidwa kale. Izi ndi zimene zimandiwawa kwambiri pa nkhaniyi, chifukwa anthu amaganiza kuti ntchito ndi kudziwa kumene mtengo ukupita. Mtengo suyenda molunjika, umapita ukubwerera, ndipo masenti 21 pa dola ndi randi si chachilendo, tsiku limodzi lokha likhoza kuwadutsa. Livareji yaikulu imachepetsa mpata umene muli nawo kuti mupirire kubwererako.

Tiyeni tione munthu yemweyo, R3,000 yomweyo, buloka yemweyo wa 1:100, koma atalemba 0.01. Amenewo ndi madola 1,000, malonda a R18,000, chikole R180, ndipo senti iliyonse ndi R10. Kutsika kwa masenti 21 kuja kukanamudyera R210, n'kupitiriza ntchito yake mtima uli m'malo. Kuti amutsekere malonda, dola inayenera kutsika ndi R2.91, kufika R15.09. Phindu la Lachisanu likanakhala R250, osati R2,500, ndipo ndikudziwa kuti apa ndi pamene anyamata amakwinya nkhope. Koma phindu lalikulu lija ndi kutulutsidwa msanga kuja zimachokera pa nambala imodzi, simungatenge china n'kusiya chinzake. N'chifukwa chake ine sindiyamba ndi kufunsa kuti buloka akupereka 1:100 kapena 1:500. Ndimagawa kukula kwa malonda ndi ndalama imene ili mu akaunti. R180,000 pa R3,000 ndi ka 60, R18,000 pa R3,000 ndi ka 6.

M'masamuwa sindinaikemo zolipira. Mtengo wogulira ndi wogulitsira zimasiyana, ndipo kusiyanako kukakhala senti imodzi, wa 0.10 uja wayamba kale ndi kuluza R100 asanapume n'komwe. Malonda akagona usiku pamakhalanso chiwongoladzanja, chowerengedwa pa R180,000 yonse.

Palinso masiku amene mtengo umalumpha. Usiku wa pa 9 Disembala 2015, Pulezidenti Jacob Zuma atachotsa nduna ya zachuma Nhlanhla Nene, randi inagwa ndi masenti opitirira 50 m'maola ochepa, dola n'kudutsa R15. Amene anakhala mbali ya randi ndi malonda a madola 10,000, masenti 50 okha anali R5,000. Mtengo ukalumpha chonchi, ngakhale Stop Loss, mtengo umene munaika kuti malonda atsekeke okha mukamaluza, ikhoza kutsekera patali ndi pamene munafuna, ndipo akaunti ikhoza kudutsa ziro n'kusanduka ngongole. Mufunseni buloka, ndipo akuyankheni polemba, ngati ngongole yotereyi amaifafaniza kapena adzakulondolani nayo. Nambala ya chiphaso chake, imene amati FSP, muifufuze nokha ku bungwe la FSCA, limene limayang'anira makampani otere muno mu South Africa, ngakhale chiphaso sichisintha masamu a senti ndi R100 aja. Ku Ulaya, mu 2018, bungwe la ESMA linaika malire a 1:30 kwa anthu wamba pa ndalama zikuluzikulu monga dola ndi yuro, litaona kuti maakaunti 74 mpaka 89 pa 100 alionse a malonda amtunduwu ankaluza.

Basi isananyamuke mnyamatayo anandifunsa ngati aonjezere R2,000 ya lendi kuti abweze imene inapita. Ndinamuuza kuti ya lendi isalowemo, ndipo tinalemba kuseri kwa lisiti ya katundu mafunso awiri oti aziyankha asanadine Buy kapena Sell: senti imodzi ndi ndalama zingati kwa ine, ndipo ndi masenti angati kuti anditsekere? Pa R900 imene inatsala, 0.01 ndi malonda a R18,000, kuposa ndalama yake ka 20, ndipo masenti 81 ndi okwanira kumutulutsanso.