Mukanamizidwa, mgwirizano sufa wokha

Anthu ambiri akazindikira kuti anapusitsidwa pa malonda amafulumira kunena kuti, "Zimene tinasainirana zija zatha ntchito, popeza uja anandinamiza." Malamulo ochokera ku England, omwe makhoti a mayiko ambiri amatsatira, satero. Nthawi zambiri mgwirizano wa wonamizidwa umakhalabe wamoyo, ndipo amene sadziwa zimenezi amataya katundu wake akuganiza kuti malamulo ali kumbuyo kwake.

Pali mitundu iwiri ya mgwirizano wolakwika. Woyamba ndi wopanda mphamvu chiyambire. Khoti limauona ngati sunachitike n'komwe. Anthu akagwirizana kugulitsana chinthu chomwe chinali chitawonongeka kale onse awiri osadziwa, kapena akapangana kuti wina alipidwe kuti akaphwanye lamulo, palibe amene angakakamize mnzake kukwaniritsa. Wachiwiri ndi mgwirizano wotheka kuuthetsa. Uwu umagwira ntchito bwinobwino kuyambira tsiku losainirana, katundu amasinthadi mwini, ngongole imakhaladi ngongole, kungoti wolakwiridwayo ali ndi ufulu wosankha: kuuthetsa kapena kuusunga. Wolakwira alibe ufulu umenewu. Kunamizidwa ndi kukakamizidwa mwa chikoka cha munthu amene umamudalira zonse zili m'gulu lachiwirili.

Pakati pa anthu awiri okha kusiyanaku sikuoneka kwenikweni, chifukwa mapeto ake aliyense amabweza zomwe analandira. Kumaonekera pakalowa munthu wachitatu.

Taonani mlandu wa Lewis ndi Averay, womwe khoti la apilo ku England linagamula mu 1971. A Lewis ankagulitsa galimoto yawo pa mtengo wa mapaundi 450. Kunabwera munthu wina amene anadzitchula kuti ndi Richard Greene, katswiri wa zisudzo wodziwika pa kanema nthawi imeneyo. Analemba cheke n'kupempha kuti atenge galimotoyo pompo. A Lewis atakayikira, munthuyo anatulutsa chiphaso cholowera ku malo ojambulira mafilimu a Pinewood, chokhala ndi chithunzi chake, ndipo iwo anakhutira. Cheke chija chinali chachabechabe. Pamene banki inkachikana n'kuti kathyaliyo atagulitsa kale galimoto kwa a Averay pa mapaundi 200, iwo osadziwa kalikonse za chinyengocho. Kathyali anazimiririka, n'kusiya anthu awiri osalakwa akulimbirana galimoto imodzi.

Funso linali limodzi: kodi mgwirizano wa a Lewis ndi kathyali uja unali wopanda mphamvu chiyambire, kapena wotheka kuuthetsa? Ukanakhala wopanda mphamvu, umwini wa galimoto sukanachoka m'manja mwa a Lewis, ndipo kathyali sakanakhala ndi chogulitsa, pakuti munthu sangapatse mnzake umwini umene iye alibe. Koma khoti linati a Lewis anagulitsa galimoto kwa munthu amene anaima pamaso pawo, ngakhale ananama za dzina ndi kulemera kwake. Choncho umwini unapita kwa kathyali, ndipo unali wake mpaka tsiku limene a Lewis akanathetsa mgwirizanowo. Tsikulo lisanafike, iye anali ataupereka kale kwa wogula wosalakwa. A Averay anasunga galimoto.

Zinatha mosiyana pa mlandu wakale wa Cundy ndi Lindsay wa mu 1878. Kumeneko kathyali wina, Blenkarn, anaitanitsa mipango yambiri kudzera m'makalata, akusaina mwa njira yoti dzina lake lioneke ngati la Blenkiron, kampani yodziwika ya mu msewu womwewo ku London. Ogulitsawo ankafuna kuchita malonda ndi kampaniyo basi, za Blenkarn anali asanamvepo. Khoti linati panalibe mgwirizano uliwonse, ndipo amene anagula mipangoyo kwa kathyali, ngakhale anali wosalakwa, ndiye analuza. Kunena zoona, mzere wolekanitsa milandu iwiriyi ndi wopyapyala, ndipo majaji enieniwo akhala akuudandaula. Wogula wosalakwayo sangadziwe ngati kathyali anapeza katundu poonana maso ndi maso kapena pa kalata, koma tsogolo lake lagona pamenepo.

Ndiye wonamizidwa achite chiyani? Athetse mgwirizano msanga, ndipo adziwitse mnzakeyo momveka bwino, makamaka polemba. Nanga ngati wonamayo wathawa? Pa mlandu wina wa ku England, a Caldwell anagulitsa galimoto ya mtundu wa Jaguar kwa munthu amene anawapatsa cheke chabodza. Banki itangochikana, iwo anakanena kupolisi ndi ku bungwe la oyendetsa galimoto kuti awathandize kuifufuza. Khoti linati popeza kathyali anabisala dala, zimene a Caldwell anachitazo zinali zokwanira kuthetsa mgwirizano, ndipo umwini unabwerera kwa iwo galimoto isanagulitsidwe kwa munthu wosalakwa. Kusiyana kwa a Caldwell ndi a Lewis kunali nthawi chabe.

Si bodza lililonse limene limapereka ufulu umenewu. Payenera kukhala mawu onena za chinthu chenicheni, osakhala oona, onenedwa mgwirizano usanachitike, ndipo mawuwo akhale ena mwa zimene zinakukokerani kuti muvomere. Kutamanda malonda, monga kunena kuti "simudzapeza ina yabwino chonchi", sikuwerengedwa. Maganizo a munthu nawonso sawerengedwa ngati onse awiri akudziwa kuti akungoyerekeza: wogulitsa munda wina ku New Zealand ananena kuti ungathe kusunga nkhosa 2,000, koma popeza wogula ankadziwa kuti wogulitsayo sanawetepo nkhosa pamalopo, khoti linati amenewo anali maganizo chabe. Kukhala chete pakokha si kunama, komabe ukanena zoona lero, zinthu n'kusintha musanasainirane, uyenera kuwongola mawu ako. Dokotala wina ku England ananena zoona za ndalama zimene chipatala chake chinkapeza, kenako anadwala, odwala n'kubalalika, iye osanena kanthu kwa ogula. Mu 1936 khoti linalola ogulawo kuthetsa mgwirizano.

Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti wonenayo sachita kufunika kukhala wachinyengo. Ngakhale atanena zabodza akukhulupirira ndi mtima wonse kuti n'zoona, mnzakeyo angathe kuthetsa mgwirizano. Chinyengo chimakhudza kwambiri nkhani ya chipukuta misozi. Ndipo wonamayo sangadziteteze ponena kuti, "Mapepala ndinakupatsani, mukanawerenga mukanaona." Khoti linakana chodzikanira chimenechi kalekale, mu 1881, pa mlandu wa Redgrave ndi Hurd.

Kukakamizidwa mwa chikoka n'kovutirapo kukuona, chifukwa nthawi zambiri palibe amene wanama kapena kuopseza. Wina amangogwiritsa ntchito chikhulupiriro chimene mnzake ali nacho pa iye mpaka mnzakeyo kusaina zimene sakanasaina akanaganiza payekha. Pali maubale ena amene khoti limangoyambira poganiza kuti chikokacho chilipo: kholo pa mwana, dokotala pa wodwala, loya pa amene akumuimira, mtsogoleri wa chipembedzo pa womutsatira. Ubale wa mwamuna ndi mkazi wake suli m'gulu limeneli; pamenepo wodandaula ayenera kusonyeza kuti ankadaliradi mnzakeyo pa nkhani za chuma. Ubale wokha sukwanira ayi. Zomwe zachitikazo ziyenera kukhala zofuna kufotokozedwa. Wodwala kupatsa dokotala wake kamphatso kothokoza si nkhani, koma kumugulitsa nyumba pa theka la mtengo wake ndi nkhani. Zikatero mtolo umatembenuka: wopindulayo ndiye ayenera kusonyeza kuti mnzakeyo anachita mwa kufuna kwake, ndipo umboni wamphamvu kwambiri ndi wakuti analandira uphungu kwa munthu wapadera wosakhudzidwa ndi nkhaniyo.

N'chifukwa chake mabanki amaumirira kuti mkazi amene akuika nyumba ngati chikole cha ngongole ya bizinesi ya mwamuna wake akaonane kaye ndi loya payekha, mwamunayo palibe. Khoti lalikulu la ku Britain linakhazikitsa ndondomeko imeneyi mu 2001 pa mlandu wa Etridge. Banki ikalumpha sitepe imeneyi, ndipo zikapezeka kuti mkaziyo anakakamizidwa, chikolecho chingathe kuthetsedwa ngakhale banki sinakakamize aliyense. Amayi ena amauona ulendo wa kwa loya ngati mwambo wongotaya nthawi. Ndi mphindi zochepa zimenezo zimene pambuyo pake zimatseka pakamwa, chifukwa banki imadzatulutsa kalata ya loya yosonyeza kuti zonse zinafotokozedwa.

Ufulu wothetsa mgwirizano uli ngati mkaka, suchedwa kusasa. Mayi Allcard analowa gulu la masisitere ku London, kumene lamulo linali kumvera mkulu wa gululo ndi kusapempha uphungu kwa munthu wakunja popanda chilolezo. Anapereka chuma chawo chambiri ku gululo. Mu 1879 anatulukamo, koma anadikira mpaka 1885 kuti afune zotsala za chumacho. Khoti linavomereza mu 1887 kuti anapereka ali pansi pa chikoka chotere, koma linati atamasuka anakhala chete nthawi yaitali moti anaonetsa kuti wavomereza. Imeneyi inali mphatso, koma mfundo yake imagwiranso ntchito pa mgwirizano. Nawonso a Leaf, amene anagula chithunzi pa mapaundi 85 atauzidwa kuti anajambula ndi Constable, katswiri wotchuka wojambula zithunzi wa ku England, anazindikira patapita zaka zisanu kuti si zoona. Wogulitsa sananame mwadala, ndipo khoti linati nthawi yatha. Pakakhala chinyengo chenicheni, nthawi imayamba kuwerengedwa pamene wonamizidwa wazindikira, kapena pamene akanayenera kuzindikira.

Khomo lina limene anthu amadzitsekera okha ndi kupitiriza ngati palibe chachitika. Mukadziwa kuti lole imene munagula ili ndi mavuto amene wogulitsa anakana, kenako n'kuvomera kuti mugawane naye ndalama zokonzetsera, n'kuitumanso pa ulendo wina wa malonda, khoti lidzati mwausunga mgwirizano. Zotere zinachitikadi pa mlandu wa Long ndi Lloyd mu 1958. Chimodzimodzi ngati chinthucho mwachidya, mwachigwetsa kapena mwachisintha moti sichingabwezedwe, ngakhale makhoti salimbikira kuti chibwerere ndendende mmene chinalili, ndipo kuperewera pang'ono kumatha kulipiridwa ndi ndalama. Mayiko ena anawonjezera malamulo awo, monga la ku England la 1967, lopatsa jaji mphamvu yolamula chipukuta misozi m'malo mothetsa mgwirizano ngati panalibe chinyengo. Choncho popita kwa loya, tengani kalata kapena uthenga uliwonse wosonyeza zomwe munauzidwa musanasaine, tsiku limene munazindikira vutolo, ndi zonse zimene mwachita ndi katunduyo kuchokera tsiku limenelo.