Galimoto ikukhula pansi inu mukuti mukufuna 4WD

Dzinja likangoyandikira anthu amayamba kubwera pa galaja ndi funso lomwelomwe, akuti bwana ndiwonjezere ndalama ndiitanitse ya 4WD poti msewu wakwathu ku Machinjiri ndi woipa. Ndatopa nalo funso limeneli. Ndikafunsa kuti galimoto yanu imatitimira m'matope kapena imakhula pansi, ambiri amati imakhula. Ndiye 4WD ikuthandizani chani pamenepo? Sienta kapena Vitz ya 4WD ndi yaifupi ngati inzake ya 2WD yomwe, ku Japan anaipangira misewu yoterera nthawi yozizira osati zigwembe zathuzi, mwala omwe unaboola sampu chaka chatha udzaboolanso.

Chomwe mwagula ndi katundu wina pansi pa galimoto: propushafuti, difu yakumbuyo, ndi chida chogawira mphamvu kumawilo akumbuyo. Difuyo imafuna oyilo wake, zonsezi zimalemera, mafuta imamwako ochulukirapo, ndipo mafuta ake mukuwadziwa mmene akuvutira.

Koma yomwe imandiwawabe ndi ya mayi ena aku Chilomoni. Anagula ya 4WD, ulendo wawo ndi wa ku Limbe basi, tala yekhayekha. Matayala awiri atatha anakagula akaunjika, kutsogolo kuli 175/70R14 kumbuyo anawaikira 175/65R14. Ndi maso simungaone, koma akumbuyowo ndi aafupi pafupifupi masentimita 2, ndiye amazungulira mothamanga kuposa akutsogolo. Galimoto ya 2WD sizimaikhudza kwenikweni zimenezo. Ya 4WD imaona ngati mawilo akuterera, chida chija chimangogwira ntchito osapuma, kutentha, mpaka kudyeka. Inayamba kulira huuu kumbuyo akathamanga mu Chipembere, pokhota pothina imachita ngati ikudumphadumpha, iwo n'kumangokweza wailesi miyezi ikupita.

Kenako anapita kwa makaniko wapansi pa mtengo, iyeyo anangomasula propushafuti nkuti mayi vuto latha. Phokoso linachepadi, koma chimenecho si chikonzero ayi. Analipira 4WD, pano akuyenda pa mawilo awiri atanyamula difu yakufa, ndipo tsiku logulitsa wogula wanzeru akangosuzumira pansi mtengo ugwa. Akanabwera sabata yomwe kulira kunayamba bwenzi titangosintha matayala ndi oyilo.

Alipo ofunikadi 4WD, sindikukana. Ngati mumakwera mapiri aku Neno mvula ikugwa, kapena mumalowa m'minda ku Chikwawa ndi katundu, gulani yeniyeni yayitali yokhala ndi 2H, 4H ndi 4L. Nanunso chonde, pikapu ngati Hilux musamaiyendetse mu 4H, giya yoyendetsa mawilo onse anayi, pa tala wouma, ilibe difu yapakati ndiye mashafuti amapotana, chiwongolero chimalimba pokhota ndipo 4H imakana kutuluka. Ikatero imani pa dothi mubwerere m'mbuyo pang'ono, musakakamize.

Enanu a tauni, ndalama yowonjezerayo gulirani matayala anayi atsopano a saizi imodzi pa 2WD yokwererapo pang'ono.