Chimbudzi chilipo, mjigo ulipo, nanga mwana akutsegulabe m'mimba bwanji?

Tizilombo toyambitsa kolera, taifodi ndi kamwazi timatuluka m'manyi a munthu wina n'kukalowa m'kamwa mwa wina. Njira zimene timadzera ndi zisanu: madzi, zala, ntchentche, dothi ndi chakudya. Ife a zaumoyo tikaona banja limene lili ndi chimbudzi, madzi likutunga pa mjigo, koma mwana akutsegulabe m'mimba mwezi ndi mwezi, timafufuza kuti mwa njira zisanuzi ndi iti imene yatsala yosatseka.

Chimbudzi chimatseka njira zitatu. Manyi akalowa m'dzenje sakokolokanso ndi mvula kupita kuchitsime, mwana wokwawa sakumana nawo padothi, ndipo ntchentche siziwafikira ngati pabowo pali chivindikiro chokwana bwino. Dzenjelo likhale kumunsi kwa chitsime, pamtunda wosachepera mamita 30. Koma chimbudzi chimasunga zokhazo zimene zaponyedwamo. M'makomo ambiri manyi a khanda amatayidwa kudzala kapena kuseri kwa nyumba poganiza kuti ndi osaopsa, chonsecho ana aang'ono ndiwo amatsegula m'mimba kawirikawiri, ndiye tizilombo m'manyi awo simusowa. Manyiwo pamodzi ndi madzi otsukira matewera malo ake ndi m'chimbudzi.

Njira zimene chimbudzi sichingatseke ndi za zala ndi chakudya, ndipo zalazo ndi zimene zimadetsa madzi abwino. Tiyeni titsatire chidebe cha malita 20 kuchokera pa mjigo. Madzi atuluka m'paipi ali aukhondo. Potwika, zala zagwira m'mlomo mwa chidebe n'kuviika m'madzi. Ena amathyola masamba n'kuyalapo kuti madzi asatayike panjira, osadziwa chimene chinatera pa masambawo. Kunyumba madzi athiridwa mumtsuko wokhala ndi kamwa lalikulu, kapu yotungira ndi imodzi, yomweyo ndi yomwera. Mayi asintha thewera, apukuta manja pachitenje, kenako atunga madzi. Mwana wa sukulu wachokera kuchimbudzi, naye waviika kapu mpaka dzanja lanyowa. Pofika madzulo mtsuko wonse wadetsedwa, koma madziwo akuonekabe mbee, alibe fungo, ndipo aliyense akunena kuti ndi a pa mjigo.

Apa ndi pamene klorini amaposa kuwiritsa. Kuwiritsa kumapha tizilombo, inde, koma madziwo akazizira alibenso chowateteza, dzanja loyamba kulowamo lawadetsanso. Klorini amatsalira m'madzi n'kumapha tizilombo tolowa pambuyo pake. Mukathira WaterGuard muyezo wa kachivindikiro kamodzi ka botolo lake m'malita 20, vundulani, dikirani mphindi 30 musanamwe. Kafungo kamene anthu amadana nako kaja ndiko kakusonyeza kuti mankhwala akadalimo. Mphamvu yake imapita ikuchepa, choncho madzi ogona masiku angapo musawadalire. Ngati mwalandira klorini wosungunula kale kwa alangizi a zaumoyo, tsatirani muyezo umene iwo akuuzani, chifukwa mphamvu yake siyofanana ndi ya m'botolo logula.

Klorini naye ali ndi malire. M'madzi amatope mankhwala amathera pa litsiro asanaphe tizilombo, ndiye madzi otero ayambe adikha, asefedwe pansalu yoyera, kenako muyezo uwirikizidwe. Palinso kachilombo kotchedwa Cryptosporidium, kotsegula ana m'mimba, kamene klorini wa muyezo umenewu sakapha. Kameneka kamafa madzi akawira.

Chosungira madzi chabwino ndi chigubu cha kamwa laling'ono kapena chidebe chovindikira chokhala ndi kampopi, poti dzanja silingalowemo. Ngati muli ndi mtsuko basi, pakhale makapu awiri: yotungira ya chogwirira chachitali, yopachikidwa pamsomali, ndi ina yomwera.

Kwa ine, sopo wa pakhomo la chimbudzi amateteza mwana kuposa zambiri zimene timawonongerapo ndalama. Mpondagiya, chosambira m'manja choponda ndi phazi, safuna zambiri: kachigubu, chingwe ndi timitengo. Ndikafika pakhomo ndimayang'ana pansi pake. Ngati dothi ndi louma gwa, ndiye kuti anangouimika kuti alangizi aone. Nthawi zosamba m'manja ndi pochokera kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, musanakonze chakudya, musanadye ndiponso musanadyetse mwana. Madzi akhale othirirana. Beseni limodzi loyenda kuchokera kwa bambo mpaka kwa mwana wotsiriza limangosonkhanitsa litsiro la onse n'kulipereka kwa wamng'ono, amene thupi lake ndi losalimba.

Mliri wa kolera umene unayamba m'Malawi mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700. Pakhomo pamene wina wayamba kutsegula m'mimba, amene ali pangozi kwambiri ndi omudwazika, chifukwa ndiwo amagwira zovala ndi masanzi ake kenako n'kukaphika. Wodwalayo ayambe kumwa Thanzi ORS wosungunulira m'madzi otetezedwa ali panjira yopita kuchipatala, ndipo wodwazikayo asagwire mtsuko kapena mphika asanasambe m'manja ndi sopo.