Mukakana mtengo, muli ndi kwina kopita?

Mayi wogulitsa mbatata pamsika wa Nchalo sangakweze mtengo payekha. Akangoyerekeza kutchula K1,500 pa mulu umene anzake akugulitsa K1,000, wogula amangosuntha pang'ono n'kugula kwa mnzake. Koma bilu yamagetsi ikakukulirani, palibe mnzake wa ESCOM amene mungathawireko. Onsewa ndi ogulitsa ndipo onse amafuna phindu. Kusiyana kwawo sikuli mumtima ayi, kuli m'mene msika wawo unakhalira: ogulitsa alipo angati, katundu wawo ndi wofanana bwanji, ndipo munthu watsopano angalowemo mosavuta kapena ayi.

Ife azachuma timagawa misika m'magulu, ndipo atatu odziwika kwambiri ndi awa. Pali msika wa mpikisano weniweni, wa ogulitsa ambirimbiri a katundu wofanana. Pali msika wa wogulitsa mmodzi, umene timautcha monopoli. Pakati pake pali msika wa ogulitsa ochepa akuluakulu, oligopoli. Mayinawa sathandiza kwenikweni mpaka muone chimene chimachitikira mtengo, choncho tiyeni titenge bizinesi imodzi, chigayo, tiiike m'misika itatu yonseyi. Manambala amene ndigwiritse ntchito ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, si mitengo ya pachigayo china chake.

Tinene kuti kugaya ndowa imodzi kumadya K500, kuphatikizapo dizilo, malipiro a mnyamata wa pachigayo, kukonzetsa makina, ndi kangachepe komukwanira mwini wake kuti asasiye bizinesiyo. Tinenenso kuti m'deralo, mtengo ukakhala K500, patsiku pamabwera ndowa 100, ndipo mtengo ukakwera ndi K100, ndowa 10 zimachepa chifukwa ena amabwerera kumtondo kapena amagayitsa pang'ono.

Ngati zigayo zili zambiri moyandikana, monga zimakhalira pamalo akuluakulu ochitira malonda, mtengo umatsetserekera ku K500. Wotchula K700 amangokhala osagaya. Zikachitika kuti onse akupeza phindu lochuluka, wina amagula makina ake n'kutsegula pafupi pomwepo, mtengo n'kutsikanso. Mwini chigayo pano salamula mtengo, amaupeza pamsika. Chimene angachite n'kuchepetsa zowononga zake basi.

Tsopano chigayo chikhale chimodzi chokha, china chili ulendo wa maola awiri panjinga. Anthu ambiri amaganiza kuti mwini wake adzakweza mtengo mopanda malire, koma si choncho. Akatchula K800, pabwera ndowa 70, iliyonse imusiyira K300, zonse pamodzi K21,000. Akatchula K1,000, pabwera ndowa 50, iliyonse K500, zonse K25,000. Akapitirira kufika K1,200, patsala ndowa 30 zokha, iliyonse K700, ndipo wabwereranso pa K21,000. Ndiye adzaima pa K1,000. Chomuletsa kupitirira si chifundo kapena mantha, koma kuti anthu akhoza kusiya kugayitsa.

Apa pali zinthu ziwiri zosiyana zimene zachitika, ndipo chachiwiricho ndi chimene chimandiwawa kwambiri. Choyamba, anthu a ndowa 50 aja akulipira kawiri mtengo woyenera. Ndalama zimenezo sizinatayike, zangochoka m'thumba mwawo kupita m'thumba la mwini chigayo. Chachiwiri, ndowa zina 50 sizinagayidwe n'komwe. Eni ake anali okonzeka kulipira K600 kapena K800, zomwe zikanakwanira bwinobwino kulipira dizilo ndi wantchito. Makina ali chete masana onse, pamene amayi akusinja pamanja kunja kukuwotcha ngati mmene kumawotchera ku Ngabu mwezi wa Novembala. Palibe amene wapindula ndi ndowa zimenezi, ngakhale mwini chigayo yemwe. Vuto lenileni la wogulitsa mmodzi ndi limeneli, kuti amagwira ntchito yochepa dala pofuna kuti mtengo ukhale pamwamba.

Nanga zigayo zikakhala ziwiri? Apa mpamene nkhani imavuta, chifukwa aliyense asanatchule mtengo amayamba waganiza zimene mnzake achite. Atagwirizana kuti onse azitchula K1,000, agawana ndowa 50 zija, aliyense 25, aliyense n'kupeza K12,500. Kwa wogayitsa, zikhala ngati chigayo n'chimodzi. Koma mmodzi akatsitsa mwakachetechete kufika K900, ndowa 60 zonse zipita kwa iye, ndipo apeza K24,000, pafupifupi kuwirikiza kawiri. Mnzake akazindikira, nayenso atsitsa, ndipo aliyense atsala ndi K12,000. Akapitiriza kutsitsirana mpaka K800, aliyense atsala ndi K10,500. Choncho onse awiri amadziwa kuti kugwirizana n'kowapindulira, komanso aliyense payekha amadziwa kuti kuphwanya panganolo kungamupindulire koposa. N'chifukwa chake msika wa ogulitsa ochepa sukhazikika: nthawi zina mitengo imakhala ngati ya monopoli, nthawi zina amagwetsana mpaka mmodzi kutseka.

Mafoni athu ali mumsika wotere. Pafupifupi aliyense ali pa Airtel kapena TNM, ndipo mukaonetsetsa, makampani otere sakonda kulimbana pa mtengo weniweni. Amapikisana pa mabandulo, mabonasi ndi malonda a pawailesi, chifukwa kutsitsa mtengo mnzako amakutsatira mawa lomwe. Wachitatu kulowa n'kovuta: pamafunika laisensi ya MACRA, bungwe loyang'anira mafoni ndi mawailesi, nsanja m'dziko lonse, komanso kukopa anthu amene abale awo onse ali pa netiweki ina. Ambiri a ife timayenda ndi masimukhadi awiri, ndipo kumeneko n'kudzisungira kothawira.

Sikuti wogulitsa mmodzi aliyense ndi woipa. Taganizani makampani atatu amagetsi, iliyonse ikuimika mapolo ake kuchokera ku Kapichira kutsika mpaka ku Nsanje. Mawaya atatu munjira imodzi angangokweza mtengo wa magetsi, chifukwa ndalama zambiri zimalowa pomanga, osati potumiza magetsi kunyumba imodzi yoonjezera. Pa ntchito zotere kampani imodzi ndiyo yotsika mtengo, ndiye mankhwala ake si kuigawa koma kuiyang'anira. N'chifukwa chake ESCOM ikafuna kukweza mitengo imayenera kupempha chilolezo ku MERA, bungwe loyang'anira magetsi ndi mafuta. Mu 2017 ntchito yopanga magetsi inachotsedwa ku ESCOM n'kupita ku EGENCO, chifukwa pa kupanga magetsi makampani angapo akhoza kupikisana, pamene pa mawaya sizingatheke. Kuyang'anira nakonso kuli ndi malire ake: woyang'anira amadalira mabuku a kampani yomwe akuiyang'anirayo, ndipo kampani yopanda mpikisano ilibe chinthu choikakamiza kuchepetsa zowononga.

Kwa ife a kuno kuchigwa cha Shire, nkhaniyi imatikhudza kwambiri ikatembenuka. Ambiri ndife alimi, ndipo chotivuta si kuchepa kwa ogulitsa kokha koma kuchepa kwa ogula. Alimi a thonje, chitowe kapena nandolo ndi masauzande, mbewu yawo ndi yofanana, palibe amene angalamule mtengo. Mbali yawo ndi ya mpikisano weniweni. Koma kutsidya kwa sikelo kumakhala ogula owerengeka. Masamu ndi omwe aja a chigayo, kungoti ali chadodolido: wogula mmodzi amatsitsa mtengo dala n'kugula zochepa, ndipo chaka chotsatira alimi amalima zochepa. Kale ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, ndiyo inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono pafupifupi yokha. Mu 1987 boma linalola amalonda wamba kugula chimanga ndi mbewu zina. Lamulo linasintha, koma lamulo silibweretsa wogula wachiwiri m'mudzi umene galimoto sifika. Kumeneko venda mmodzi wokhala ndi sikelo ndi ndalama m'manja ali ndi mphamvu zonse za kampani yaikulu. Unduna wa Zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira chaka ndi chaka, koma mlimi amene mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi sangadikire wogula wotsata mtengo umenewo.

Nzimbe zikuonetsa njira ina. N'zolemera, ndipo zikadulidwa shuga wake amayamba kuchepa pasanathe masiku ambiri, choncho mlimi wa ku Kasinthula kapena ku Phata sangazinyamule kupita nazo ku Dwangwa kukafuna mtengo wabwino. Fakitale yapafupi ndi ya Illovo ku Nchalo. Kumanga fakitale yachiwiri pambali pake si nkhani yamasewera. Chimene alimi amenewa anachita n'kusagulitsa aliyense payekha: amalima ndi kugulitsa monga gulu, pa mgwirizano wolembedwa. Wogula akadali mmodzi, koma amene akukambirana naye ndi gulu lokhala ndi nzimbe zambiri zimene fakitaleyo ikuzifunanso. Ine ndimaona kuti alimi a chitowe ndi nandolo angapindule kwambiri ndi zimenezi kuposa kudikira mtengo wa boma, ngakhale kungoyamba ndi kusonkhanitsa matumba okwana galimoto imodzi kuti akafike ku Blantyre kumene ogula ndi ambiri.

Mfundo ina imene mabuku saitsindika mokwanira ndi yakuti msika umatha kusintha mtundu usiku umodzi. Madzi akasefukira n'kudula msewu, monga zinachitikira pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, golosale imene inali imodzi mwa zambiri imasanduka yokhayo imene mungaifikire. Eni mabwato owolotsa anthu amakhala ndi mphamvu zimene analibe dzulo lake. Ogulitsa amawerengedwa potengera amene mungawafikire lero, osati amene alipo m'dziko. Pa chifukwa chimenechi, mlatho kapena msewu wabwino umatsitsa mitengo kuposa mmene msonkhano uliwonse wodzudzula amalonda ungachitire.

Pomaliza pali funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri: ogula onse akatchula mtengo umodzi, kodi ndiye kuti apangana? Osati nthawi zonse. Amayi a mbatata aja nawonso ali ndi mtengo umodzi, koma wabwera chifukwa cha mpikisano. Zizindikiro za kupangana ndi zina. Mtengo wa ku Blantyre wakwera koma wa kuno sukusuntha, ngakhale mtengo wa mayendedwe sunasinthe. Ogula onse asintha mtengo tsiku limodzi popanda chimene chachitika. Agawana midzi, moti uyu safika kumene kumagula mnzake. Wogula watsopano akabwera ndi mtengo wabwino, amaopsezedwa kapena kuthamangitsidwa. Malamulo a mpikisano pa malonda, amene dziko lino linayamba kukhala nawo mu 1998, saletsa kampani kukhala yaikulu kapena kukhala yokha. Amaletsa kupangana mitengo, kugawana misika, ndi kugwiritsa ntchito ukulu potsekereza ena. Madandaulo otere amapita ku CFTC, bungwe loyang'anira mpikisano pa malonda, ndipo amamveka bwino akakhala ndi umboni: tsiku, malo, mtengo umene wogula aliyense anatchula, ndi kulemera kwa thumba pa sikelo yawo poyerekeza ndi sikelo ina.